Katuni si nkhope: atibera R4,600 ndi chithunzi cha msungichuma wathu

Mu Januwale, mphesa zili pachimake m'chigwa cha Hex River kuno ku Western Cape, tinataya mnzathu wochokera ku Ntcheu yemwe tinkagwira naye ntchito pa famu ina. Anamwalira Lachinayi m'mawa. Pofika masana uthenga unali utafika pa gulupu ya WhatsApp ya bungwe lathu la maliro, momwe tilimo anthu 46, ndipo onyamula maliro anali atatiuza kuti kupititsa thupi kumudzi kukufunika R18,000. M'thumba la bungwe munali R11,000. Aliyense anadziwa kuti Lachisanu, tsiku la malipiro, tisonkha.

Lachisanu madzulo anthu anayamba kulandira uthenga, aliyense payekha, kuchokera ku nambala yachilendo ya +27. Uthengawo unali m'Chichewa chabwinobwino. Unati foni ya mayi msungichuma yagwera m'madzi, ndiye chopereka cha maliro chitumizidwe pa nambala yatsopanoyi usiku womwewo chifukwa galimoto ikunyamuka Loweruka. Pamwamba pa uthengawo panali chithunzi chomwe tonse timachidziwa: katuni ya mayiwo, atavala duku lobiriwira ndi magalasi, atanyamula bokosi la mphesa. Anthu 11 anatumiza. Asanu ndi awiri anapereka R300 aliyense, atatu R500 aliyense, ndipo mlamu wa malemuyo anapereka R1,000. Zonse pamodzi R4,600. Mayi msungichuma anazimva Loweruka m'mawa, foni yawo ili bwinobwino m'thumba la epuloni.

Malipiro otsikitsitsa omwe boma la South Africa linaika kuyambira pa 1 Malichi 2025 anali R28.79 pa ola. Ndiye kuti wakubayo anatenga thukuta la maola pafupifupi 160, masabata atatu ndi theka a munthu mmodzi m'mizere ya mphesa dzuwa lili pamutu. Thupi linachedwa masiku asanu ndi limodzi. Ndipo panali chinthu china chopweteka kuposa ndalama: kwa masiku awiri ena ankanong'onezana kuti mwina mayiwo akudziwapo kanthu, poti chithunzi chinali chawo. Mayi amene wasunga ndalama za bungwe zaka zisanu ndi zinayi osasowetsa ngakhale tambala anakhala pansi n'kulira pamaso pathu.

Talemba izi chifukwa titafunsa anthu 11 aja kuti chinawakhulupiriritsa n'chiyani, asanu ndi atatu anayankha zofanana: "Tinaona chithunzi chawo." Koma chomwe anaona sichinali chithunzi chawo ayi. Chinali chojambula chofanana ndi chojambula china chomwe tinazolowera kuchitenga ngati iwowo.

Kodi katunizi zachokera kuti?

Kumapeto kwa 2022 kunatchuka pulogalamu ya pa foni yotchedwa Lensa, yomwe inkatenga zithunzi za munthu n'kumujambula ngati mfumu, msilikali kapena munthu wa mu filimu. Kenako mu Malichi 2025 kampani ya OpenAI inawonjezera luso lojambula mu ChatGPT, ndipo m'masiku ochepa intaneti yonse inadzaza ndi nkhope za anthu zojambulidwa motengera makatuni a kampani ya mafilimu ya ku Japan yotchedwa Studio Ghibli. Ana athu sanachedwe. Mwana wa mayi msungichuma ndi amene anawapangira katuni ija, mayiwo anaikonda, n'kuiika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ambiri a ife tinachitanso chimodzimodzi, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Munthu wagwira ntchito maola asanu ndi anayi, nkhope yapsa ndi dzuwa, akufuna kwawo amuone akuwala. Enanso amasankha katuni dala, poopa kuti nkhope yawo yeniyeni ingaoneke kwa bwana kapena kwa anthu odana ndi alendo.

Vuto lili pa zomwe katuni imachotsa ndi zomwe imasiya. Chithunzi chenicheni chimanyamula tinthu tating'ono tovuta kubera: chipsera cha pachibwano, mpata wa mano, makwinya a pamphumi, khutu lomwe linapindika pang'ono. Pulogalamu ikamapanga katuni imasalaza zonsezi. Imasiya zikuluzikulu zokha, monga duku, magalasi, ndevu, chipewa, mtundu wa khungu. Tikaona duku lobiriwira ndi magalasi, mutu wathu umamaliza wokha kuti awa ndi mayi uje. Koma azimayi ovala duku ndi magalasi m'chigwa muno alipo angati? Katuni ya mmodzi ikhoza kuimira khumi.

Chachiwiri, wakuba safunikanso kuba chithunzi chanu chenichenicho. Kuyambira 2024 WhatsApp imakana kuti munthu ajambule sikirinishoti ya chithunzi cha pa pulofayilo ya mnzake, ndipo ena anaganiza kuti basi atetezeka. Koma foni ina ikhoza kujambula galasi la foni inzake, ndipo Facebook ili ndi zithunzi zathu za kutchalitchi, za ku ukwati ndi za pa mpira. Titaika katuni ziwiri zija pambali pa inzake tinaona kuti si imodzi. Ya wakubayo inali ndi kandulo pambali ndi kansalu kakuda pa phewa, ngati munthu wolira maliro, ndipo mphesa zinali zofiira pomwe pa yoyambayo zinali zobiriwira. Anaipanga yatsopano, mwina kuchokera pa katuni yakale, mwina pa chithunzi cha gulu. Kandulo ija ndi imene inagwira anthu mtima. Ankati mayi asintha chithunzi chifukwa cha malirowa.

Chachitatu ndi chomwe anthu sachiganizira. Chithunzi chooneka ngati chenicheni chikakhala chabodza, pali poyambira kuchikayikira. Mu Malichi 2023 dziko lonse linaona chithunzi cha Papa Francis atavala jekete loyera lofufuma, chopangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney, ndipo openyetsetsa anapeza zolakwika pa dzanja ndi pa magalasi. Nthawi imeneyo tinkalangizana kuti tiziwerenga zala. Lero mapulogalamu sakulakwitsanso zala kawirikawiri, komanso pa katuni malangizowa alibe ntchito n'komwe. Katuni imavomereza yokha kuti ndi yojambula, ndiye mukaitsutsa kuti chiyani? Ngakhale mutaifufuza ndi Google Lens kuti muone komwe inaonekapo kale, ngati yangopangidwa dzulo simupeza kanthu, ndipo kusapeza kanthuko sikutanthauza kuti mwiniwake ndi woona.

Zomwe tikanaona tikanadekha

Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Zizindikiro zinalipo, koma sizinali pa chithunzi. Choyamba chinali m'nkhani yeniyeniyo. Foni ikagwera m'madzi, nambala sisintha. Munthu amachotsa simu khadi n'kuiika mu foni ina, ndipo ngakhale simuyo itawonongeka amapita ku shopu ya kampani ya foni kukatenga ina ya nambala yomweyo. Munthu akasinthadi nambala mwadongosolo, kudzera pa Settings, Account, Change number, WhatsApp imalemba yokha m'magulupu onse omwe alimo kuti uje wasintha nambala. Pa gulupu yathu panalibe uthenga wotere.

Chachiwiri, uthenga wochokera kwa munthu yemwe mulibe nambala yake umabwera ndi dzina lokhala ndi kachizindikiro aka ~ kutsogolo. Dzina limenelo munthu amadzilembera yekha, palibe amene amalitsimikiza. WhatsApp imaonetsanso ngati muli naye limodzi m'gulupu iliyonse. Nambala ija sinali m'gulupu ya bungwe. Msungichuma wa bungwe osakhala m'gulupu ya bungwe lake, zimveka?

Chachitatu, anapita kwa aliyense kumbali, ndipo anathamangitsa anthu. Nkhani ya maliro timakambira poyera, ndalama zimawerengedwa anthu akuona. Uyu anasankha usiku wa Lachisanu, anthu atatopa, ndalama zili m'manja, mtima uli pa malemu. Anapemphanso kuti ndalama zitumizidwe mwa njira ija yoti wolandira amakatapa pa makina a banki ndi nambala yachinsinsi popanda khadi. Zikatapidwa, zapita. Mmodzi mwa anyamata athu anayesa kuimba, foni sinayankhidwe, kenako kunabwera uthenga woti "sipika yafa, lembani". Mnyamatayo sanatumize. Ndi yekhayo amene anayesa kuimba.

Nanga nambala zathu anazipeza bwanji? Apa tisaloze chala kutali. Chaka chatha tinaika linki yolowera pa gulupu pa tsamba lina la Facebook la Amalawi okhala ku Cape, kuti ofuna kulowa bungwe atipeze. Aliyense wodina linki ija ankalowa, ndipo wolowa m'gulupu amaona nambala za onse. Titawerenga tinapeza nambala zitatu zomwe palibe amene ankadziwa eni ake. Imodzi inatuluka yokha Loweruka m'mawa. Munthuyo anakhala nafe mwakachetechete miyezi, akuwerenga zonse, kudikira maliro. Simu khadi zolembetsedwa kale m'maina a anthu ena zimagulitsidwa m'misewu ngakhale lamulo la RICA likufuna kuti simu iliyonse ikhale m'dzina la mwiniwake, ndiye kutsata nambala sikufikitsa pakhomo la munthu msanga.

Tsopano tinagwirizana zinthu zochepa, ndipo tikuzitsata. Ndalama za bungwe zimapita pa akaunti imodzi yomwe inalembedwa m'buku ndi pamwamba pa gulupu, ndipo ikasintha amalengeza ndi anthu awiri a komiti pamsonkhano, osati pa foni. Wina akalemba kuti wasintha nambala, timaimba nambala yakale kaye. Yakale ikapanda kupezeka timaimba yatsopanoyo n'kufunsa funso lomwe silili pa intaneti, monga kuti sabata yatha tinakumana kunyumba kwa ndani. Funsoli n'lofunika ngakhale pa vidiyo, chifukwa nkhope yoyenda nayonso ikupangidwa. Kumayambiriro kwa 2024 wogwira ntchito pa kampani ina ku Hong Kong anatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu ooneka ngati mabwana ake, pomwe onsewo anali opangidwa pa kompyuta. Kuno komwe, mu 2023, nkhope ndi mawu a owerenga nkhani a SABC, Bongiwe Zwane ndi Francis Herd, zinaikidwa m'mavidiyo abodza oitanira anthu ku bizinesi yachinyengo. Ngati akutha kutero ndi anthu a pa TV, katuni ya mayi wa pa famu ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Linki ija tinaithetsa n'kupanga ina, ndipo wolowa watsopano amadikira kuti woyang'anira gulupu amuvomereze. Aliyense tinamuthandiza kupita pa Settings, Privacy, Profile photo n'kusankha My contacts, kuti chithunzi chizioneka kwa okhawo omwe nambala zawo anasunga. Tinayatsanso Two-step verification, yomwe imafuna nambala yachinsinsi ya manambala asanu ndi limodzi, kuti wina asalande akaunti yeniyeniyo. Ndipo a komiti atatu, wapampando, mlembi ndi msungichuma, anavomera kuchotsa katuni n'kuika nkhope zawo zenizeni. Si kuti chithunzi chenicheni sichibedwa. Chimabedwa ndithu. Koma tikufuna anthu asiye kuzolowera kuti chojambula chikhoza kulankhulira munthu pa nkhani ya ndalama.

Lamulo lilipo. Ku South Africa lamulo la milandu ya pa intaneti, Cybercrimes Act la 2020, lomwe mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2021, limaletsa chinyengo ndi kupeka zinthu zabodza pa makompyuta ndi mafoni pofuna kubera munthu. Limaletsanso kufalitsa chithunzi chamaliseche cha munthu popanda chilolezo chake, ngakhale chithunzicho chikhale chochita kupanga, ndipo izi atsikana athu azidziwe chifukwa ena akuopsezedwa nazo. Kumudzi kuli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Koma tinene zoona, ambiri mwa anthu 11 aja anaopa kupita ku polisi chifukwa cha mapepala awo. Tinatuma awiri omwe mapepala awo ali bwino, atanyamula masikirinishoti a mauthenga, nambala ija, ndi malisiti a ndalama. Mlandu unatsegulidwa. Ndalama mpaka lero sizinabwere.

Nafenso timasintha zithunzi

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe ikutikhudza ife oyendetsa mabungwe a ogwira ntchito. Ntchito yathu imadalira zithunzi. Timajambula denga lodontha la nyumba za pa famu, chimbudzi chimodzi cha mabanja khumi, dzanja lotupa ndi mankhwala opopera, katundu wa banja lothamangitsidwa ali pamsewu. Zithunzizi timapita nazo kwa oyendera malo a ntchito a boma, ku CCMA, kwa maloya ndi kwa atolankhani. Ndipo nthawi zambiri timayenera kuzisintha, chifukwa nkhope ya wodandaula ikaoneka, sizoni yamawa dzina lake silipezeka pa mndandanda wa kapitawo.

Kale tinkangophimba nkhope ndi kabokosi kakuda. Chaka chatha mnyamata wina wa m'komiti anati bwanji tizisandutsa chithunzi chonse kukhala katuni, chimaoneka bwino pa pepala loitanira msonkhano. Tinayesa ndi chithunzi cha chipinda momwe munkagona amuna asanu ndi mmodzi. Katuni itatuluka, munali anthu asanu ndi atatu, khoma linali ndi mng'alu womwe kulibe, ndipo zenera linasowa. Pulogalamu siphimba chabe, imajambula chinthu chatsopano mongoyerekeza. Tikanatulutsa pepala lija osanena kanthu, mwini famu akanangotsegula chitseko n'kuonetsa aliyense kuti mng'alu kulibe, zenera lilipo. Ndiye ndani akanakhulupiriranso za amuna asanu ndi mmodzi aja, zomwe zinali zoona? Komanso, popanga katuniyo tinali titatumiza nkhope zenizeni za anthuwo ku makompyuta a kampani yakunja, iwo osafunsidwa. Tinkati tikuwabisa, koma tinayamba ndi kuwapereka.

Kusintha pang'ono kosanenedwa kumawononga kwambiri kuposa mmene timaganizira. Mu Malichi 2024 banja lachifumu la ku Britain linatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William, ali ndi ana ake atatu. Pasanathe tsiku makampani akuluakulu a nkhani, AP, Reuters ndi AFP, anachichotsa atapeza kuti chinasinthidwa, mwa zina pa mkono wa juzi ya mwana wamkazi. Mayiyo anavomera kuti amayesa kukonza zithunzi ndipo anapepesa. Chithunzi chomwe chinatulutsidwa kuti chithetse mphekesera za thanzi lake chinawonjezera mphekeserazo. Lamulo la atolankhani amenewa ndi losavuta ndipo likutikwanira ifenso: ukhoza kudula m'mbali, ukhoza kuwalitsa pang'ono kuti zioneke, koma usawonjezere kapena kuchotsa chinthu chomwe chinalipo.

Ena amati makampani a intaneti azilemba okha. Akuyesa, koma tisadalire zimenezo. Kuyambira 2021 makampani monga Adobe, Microsoft ndi BBC ali ndi dongosolo lotchedwa C2PA, lomwe limabisa m'kati mwa fayilo ya chithunzi mbiri ya komwe chinachokera ndi zomwe chinasinthidwa. Facebook ndi Instagram zimawerenga zizindikiro zotere n'kuika mawu pa chithunzi. Mu 2024 ankalemba kuti Made with AI, koma ojambula zithunzi anadandaula kuti mawuwa akuikidwa ngakhale pa zithunzi zenizeni zongokonzedwa pang'ono, ndiye mu Julayi chaka chomwecho anasintha n'kukhala AI info. Vuto lalikulu n'lakuti mbiri yobisikayi imatayika mosavuta. Mukajambula sikirinishoti ya chithunzicho, mbiri ija siyipita nawo. Mukatumiza pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, chithunzi chimachepetsedwa ndipo zambiri zobisika zimachotsedwa. Choncho kuona AI info kumakuuzani kanthu, koma kusaona kanthu sikukuuzani kalikonse. Ndipo zithunzi zathu zambiri zimayenda pa WhatsApp.

Mawu oti tizilemba

Ndiye kulemba kuli kwa ife eni. Pa komiti yathu tinagawa zithunzi m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse lili ndi mawu ake. Loyamba ndi chithunzi chomwe sichinasinthidwe kupatula kudula m'mbali kapena kuwalitsa. Pamenepo timalemba malo ndi tsiku, mwachitsanzo "Chithunzi chenicheni, dera la De Doorns, 14 Januwale". Lachiwiri ndi chenicheni chomwe tabisapo kanthu, ndipo timanena chomwe tabisa ndi chifukwa chake: "Chithunzi chenicheni. Nkhope ziwiri ndi nambala ya galimoto taphimba poteteza anthuwa. China chilichonse sitinasinthe." Mawu omalizawo ndi amene ali ndi mphamvu, chifukwa akulonjeza chinthu chomwe munthu angathe kutigwira nacho.

Lachitatu ndi katuni kapena chojambula cha munthu weniweni: "Ichi ndi chojambula cha pa kompyuta chochokera pa chithunzi cha wapampando wathu, iye atavomera. Si chithunzi chenicheni." Lachinayi ndi chomwe chapangidwa chonse, chopanda munthu weniweni kapena malo enieni, monga cha pa pepala loitanira anthu ku msonkhano: "Chojambula cha AI chongofanizira. Anthu ndi malo awa kulibe." Mawu oti "chakonzedwa" paokha tinawakana. Sanena kanthu. Kukonza kungakhale kuwalitsa, kungakhalenso kuika munthu pamalo pomwe sanapondepo. Chizindikiro choona chimayankha mafunso atatu: chasinthidwa n'chiyani, wasintha ndani, ndipo mwini nkhope wavomera kapena ayi.

Pomwe mawuwo alembedwa ndi pofunikanso. Mukawalemba pansi ngati uthenga wotsagana ndi chithunzi, munthu wachiwiri akasunga chithunzicho mu foni n'kuchitumiza kwina, mawuwo amatsala. Choncho timawalemba pa chithunzi penipenipo. WhatsApp ili ndi chizindikiro cha T pamwamba musanatumize, chomwe chimakulolani kulemba pa chithunzi. Musawaike kumapeto kwenikweni komwe munthu angadule ndi chala chimodzi, alowetseni m'kati pang'ono kuti wodula awononge chithunzicho. Timalemba m'Chichewa ndi m'chinenero china cha pa famupo, chifukwa chithunzi chikatuluka m'gulupu yathu chimakafika kwa anzathu olankhula Chixhosa, Chishona, Chisutu ndi Chibunu. Pa katuni ya pa pulofayilo, pomwe malo ndi ochepa, mawu awiri okha akukwanira: "Katuni chabe".

Tivomereze malire ake. Wakuba salemba chizindikiro, ndipo mawu athu sakanaletsa munthu uja kupanga katuni yake ya kandulo. Chomwe kulemba kumachita n'kuphunzitsa maso a gulu. Anthu akazolowera kuti chilichonse chochokera ku komiti chimanena chomwe chili, chithunzi chobwera chopanda mawu chimayamba kudabwitsa. Kulemba kumatitetezanso tsiku lomwe wina adzanene kuti chithunzi chathu chenicheni ndi cha AI, ndipo tsiku limenelo lafika kale. Mabwana ena aphunzira kuti njira yachidule yokanira umboni ndi kungoti ndi zopanga pa foni.

Yankho la zimenezo ndi kusunga choyambirira. Chithunzi chomwe chatuluka mu kamera chimakhala ndi tsiku, nthawi ndi mtundu wa foni m'kati mwake, ndipo ngati munayatsa zoti foni izilemba malo, chimakhalanso ndi malo. Musachikonze chimenecho. Pangani kope, muphimbe nkhope pa kopeyo, choyambacho chikhale momwe chilili. Potumiza kwa loya kapena kwa mlembi wa bungwe, sankhani Document m'malo mwa Gallery, kuti fayilo ipite yathunthu. Kumbukiraninso kuti yathunthuyo ikhoza kuulula malo omwe munaima pojambula, ndiye isapite pa gulupu, ipite kwa munthu mmodzi wodalirika. Jambulani katatu: chakutali choonetsa nyumba yonse, chapakati, ndi chapafupi choonetsa vutolo. Mlembi alembe m'buku dzina la wojambula ndi tsiku. Pophimba nkhope gwiritsani kabokosi kakuda kodzaza, osati katuni, osatinso kungosokoneza pang'ono, chifukwa pa famu anthu amadziwana ndi kaimidwe komwe. Onani jekete, chipewa ndi nsapato, nazonso zimaulula munthu.

Pa chithunzi cha chipinda cha amuna asanu ndi mmodzi chija tinabwerera ku njira yakale. Tinawafunsa onse, asanu anavomera ndipo mmodzi anakana, choncho tinajambulanso iye atatuluka. Tinaphimba nkhope zisanu ndi mabokosi akuda n'kulemba pa chithunzipo kuti ogona muno ndi asanu ndi mmodzi, wina sanafune kujambulidwa. Sichinali chokongola ngati katuni ija. Koma woyendera malo a ntchito atafika anapeza chipinda chili ndendende mmene chinalili pa pepala, mabedi, zenera ndi ndowa ya pakona.

Mayi msungichuma akadali pa udindo wawo, tinawasankhanso pa msonkhano wa Febuluwale popanda wotsutsa. Katuni ija sanaitaye, mwana wawo anaisindikiza ndipo ili pa khoma kunyumba kwawo. R4,600 ija tikuibweza pang'onopang'ono kwa omwe anabwereketsa kuti thupi linyamuke, R20 pa munthu Lachisanu lililonse. Anthu 46 kusonkha R20 ndi R920 pa sabata, ndiye ngongoleyi ikutha m'masabata asanu. Mabungwe ena a maliro ndi a chipereganyu, kaya muli ku Limpopo, ku Joni kapena ku Harare, tsegulani gulupu yanu lero muwerenge nambala imodziimodzi. Yomwe palibe akuidziwa, ifunseni kuti ndi ya ndani maliro asanagwe.